Laivi yanga yoyamba yogulitsa kaunjika: zomwe ndinkaona ine si zomwe ankaona anthu

Ndimagulitsa madiresi ndi mabulauzi a kaunjika ku Kamuzu Road, ku Salima. Mabelo ndimakatenga ku Lilongwe, ndipo kwa nthawi yaitali njira yanga yotsatsira inali imodzi basi: kujambula chovala, kuika pa sitetasi ya WhatsApp, n'kudikira. Koma chithunzi sichiyankha mafunso. Uyu afunsa ngati nsaluyo imatamuka, uyo akufuna kuona kumbuyo, wina akuti ndimuyezere m'chiuno, ndipo pofika usiku zala zatopa koma wagulitsa chimodzi. Nditaona amayi ena akutsegula belo pa Facebook anthu akuonera pompopompo, ndinati nanenso ndiyese. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kunyanja kuno likuswa mtengo.

Chopinga choyamba chinabwera ndisanayatse n'komwe kamera. Ndinali nditatsegula peji yatsopano ya bizinesi, n'kulengeza pa sitetasi kuti Loweruka 7 koloko madzulo ndidzakhala laivi pa pejiyo. Lachinayi nditadina Live video kuti ndingoona mmene mukuonekera, inandikana. Mphwanga wina amene amakonza mafoni pafupi ndi depoti ndiye anandiuza kuti kuyambira 2024 Facebook imafuna kuti akaunti ikhale itatha masiku 60, ndipo ngati ndi peji, ikhale ndi oitsatira osachepera 100. Yanga inalibe ngakhale theka la amenewo. Ku TikTok kunalibe kothawira, chifukwa kumeneko nthawi zambiri amafuna otsatira 1,000. Ndiye ndinabwerera ku akaunti yanga yakale, n'kuyambanso kuuza anthu kuti malo asintha. Ena uthengawo sanauone, ndipo Loweruka anakandidikira pa peji popanda kanthu. Musanalengeze tsiku, dinani batanilo kaye muone ngati likukulolani. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Za netiweki ndinkaona ngati ndathana nazo. Mphwangayo anandiuza kuti nditsegule pafoni fast.com, tsamba loyezera liwiro la netiweki. Ndinatero Loweruka m'mawa, ndili pabalaza, ndipo panatuluka nambala yaikulu, 14 Mbps. Timizere ta netiweki tinali todzaza, 4G ikuoneka bwinobwino pamwamba, makanema akuseweranso osadukiza. Ndinagula bandulo ya 2 GB, ndinasita madiresi, ndinamanga chingwe kuchokera pawindo kufika pachitseko. Foni ndinaitsamiritsa pa mabuku pamwamba pa tebulo, kamera yakutsogolo ikundiyang'ana kuti ndiziona ndemanga ndekha. Ndinaisiya pachaja kuti isathe moto. Wailesi ndinaitsegula chapansipansi kuti m'nyumba musamveke zii.

Nthawi itakwana ndinadina Go live mtima ukugunda ngati ndathamanga. Pakona panaoneka kuti akuonera ndi anthu awiri, kenako mmodzi. Ndinangokhala duu, kumwetulira, kudikira kuti achuluke. Pambuyo pake ndinadzaona kuti kanemayo amayamba ndi mphindi zingapo za mayi wongoyang'ana foni osalankhula, ndipo aliyense wodzaonera mawa lake ankayambira pamenepo.

Anthu atafika cha m'ma 30 ndinayamba kuonetsa zovala. Pa sikirini yanga chilichonse chinali choyera, maluwa a diresi akuoneka limodzilimodzi. Koma ndemanga zinkanena zina. "Asisi, chithunzi chaima." "Mawu akudukaduka." "Diresiyo ndi yabuluu kapena yakuda?" Ine ndinkayankha kuti kuno zili bwinobwino, mwina ndi netiweki yanu. Ndimachitabe manyazi ndikakumbukira yankho limenelo, chifukwa anthu a ku Chipoka, ku Dwangwa ndi ku Lilongwe sangakhale ndi vuto limodzi nthawi imodzi. Wina analemba kuti mtengo womwe ndinalemba pakatoni ukuoneka chagada, manambala atatembenuka ngati pagalasi.

Kenako apongozi anga anaimba foni. Ndinaidula msanga, koma laivi inali itaima kale, ndipo pamene inkabwerera theka la anthu linali litachoka. Ndinapitiriza thukuta lili kamukamu. Ndinanyamula diresi yofiira, ndinanena mtengo, K9,000, ndinadikira pang'ono, palibe anayankha. Ndinaiponya pampando n'kunyamula yachikasu. Pomwepo panabwera "Ndatenga" kuchokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa, kasitomala wanga wakalekale. Ndinasangalala, ndinati yachikasu yapita. Patangopita kanthawi wina wa ku Chipoka analembanso kuti "Ndatenga", ine n'kumuuza kuti pepani mwachedwa.

Isanakwane 8 koloko sikirini inayamba kuda yokha. Nditagwira foni inali yotentha ngati yochokera pamoto, ndipo posakhalitsa inalemba kuti yatentha kwambiri, kamera n'kutsekeka. Pamene inkazizira, magetsi anazima. Ndinakhala mumdima pakati pa madiresi osita bwino, misozi ili m'maso, bambo a kunyumba akundiunikira ndi tochi osadziwa choti anene.

Zotayika zenizeni zinadzaoneka mkati mwa sabata. Yachikasu ndinaitumiza ku Dwangwa pa minibasi. Itafika, mayi aja anaimba: "Asisi, ine ndinatenga yofiira, iyi mwanditumiziranji?" Iwo pamene ankalemba kuti atenga, pafoni pawo ndinali ndikadanyamula yofiira. Wa ku Chipoka, amene ndinamukaniza, ndi amene ankafuna yachikasu. Yofiirayo ndinali nditaigulitsa kale pamsika Lolemba. Ndinalipira thiransipoti yopita ndi yobwerera, ndinabweza K9,000, ndipo wa ku Chipoka sanandiyankhenso mpaka lero.

Zinthu zinatembenuka pamene mphwanga uja anabwera kunyumba, tinakhala pakhonde n'kuonera limodzi kanema yemwe anatsala pa akaunti. Aka kanali koyamba kuona zomwe anthu ankaona. Nkhope yanga inali timabokositimabokosi, diresi ikasuntha inkasanduka utsi, ndipo chigawo china chinalibiretu mawu. Anandiuza kuti pamenepo m'pamene pankamveka nyimbo ya pawailesi, chifukwa Facebook ikazindikira nyimbo ya eni ake imatha kuzimitsa mawu kapena kudula laivi.

"Anti, munayeza bwanji?" anandifunsa. Nditamuuza za 14 ija anaseka, koma mwaulemu. Anatsegulanso fast.com n'kudina pomwe palembedwa Show more info. Pansi panatuluka nambala ina yomwe ine sindinaionepo, pa mawu akuti Upload. Anati nambala yaikulu ija ndi liwiro la zinthu zolowa m'foni, zomwe zimagwira ntchito ukamaonera makanema a ena. Ukakhala laivi, kanema akutuluka m'foni mwako kupita kunja, ndiye yofunika ndi yachiwiriyo, ndipo kawirikawiri imakhala yaing'ono kuposa inzake. Chithunzi chomwe umadziona pa sikirini chimachokera m'kamera mwachindunji, sichinadutse pa netiweki, n'chifukwa chake chimakhala choyera ngakhale kunja kukufika phala lokhalokha.

Chachiwiri chinali nthawi. Ine ndinayeza m'mawa, koma laivi ndinaichita madzulo. Anati nsanja ya netiweki ili ngati mjigo: m'mawa kwambiri ukhoza kutunga wekha, koma madzulo mudzi wonse uli pomwepo ndi zidebe. Cha m'ma 7 koloko aliyense waweruka, ali pafoni, ndipo timizere timakhalabe todzaza chifukwa timangosonyeza mphamvu ya siginolo, osati kuchuluka kwa anthu omwe mukulimbirana nawo. Tinadikira mpaka 7 koloko n'kuyeza pabalaza pomwe paja. Upload inali kusewera pakati pa 0.4 ndi 0.9 Mbps. Kanema wooneka bwino pafoni amafuna pafupifupi 2 Mbps kapena kuposerapo, mosalekeza, ndipo mphwangayo anati ndibwino muyeso uzisonyeza kuwirikiza kawiri zomwe kanema akufuna, chifukwa liwiro limakwera n'kutsika. Ndiye tinagwirizana kuti malo alionse osafika 4 Mbps tiwasiye.

Sabata imeneyo madzulo aliwonse ndinkayenda ndi foni ndi kope. Pabalaza, pakhonde lakutsogolo, pakhonde lakuseri, pansi pa mtengo wa mango, malo alionse ndinkayeza kangapo n'kulemba nambala yotsika kwambiri, osati yokwera. Ndinayesanso ma layini onse awiri omwe ndili nawo. Sinditchula kuti yabwino inali iti, chifukwa mnzanga wa ku Senga Bay atayesa anapeza zosemphana ndi zanga. Zimatengera nsanja yomwe ili pafupi ndi iwe. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti kungotuluka m'nyumba ya malata ndi njerwa zootcha n'kuima pakhonde lakutsogolo, nambala inkakwera kuwirikiza. Ndipo cha m'ma 4 koloko masana pakhondepo sinkatsika pa 5 Mbps, pomwe ikakwana 7 koloko inkagwa kufika pa 2. Dziwani kuti kuyezaku kumadya deta, makamaka netiweki ikakhala yothamanga, ndiye musamangodina mosawerengera.

Apa ndinasankha Loweruka 4 koloko. Ena anadandaula kuti nthawi imeneyo amakhala ku maukwati, koma inandipatsa zinthu ziwiri zomwe usiku sukanandipatsa: kuwala kwa dzuwa komwe kumaonetsa mtundu weniweni wa nsalu, ndi kusadalira magetsi.

Muyeso wa fast.com umatenga masekondi ochepa, pomwe laivi imatenga ola. Ndiye Lachinayi, 4 koloko yomweyo, pakhonde pomwepo, ndinachita laivi yoyeserera. Musanadine Go live pamakhala posankha oti aonere, ndipo mukasankha Only me palibe wina amaona koma inu. Ndinalankhula ndekha kwa mphindi 20, ndikunyamula zovala, ndikutembenuka, ndikuyandikira ndi kutalikira, monga ndidzachitire tsikulo. Kusunthaku n'kofunika, chifukwa chithunzi cha munthu wongokhala chimaoneka bwino ngakhale pa netiweki yofooka. Chimasweka pamene zinthu zikuyenda. Ndisanayambe ndinaona balansi ya deta, nditamaliza ndinaonanso. Panachoka pafupifupi 300 MB. Mphwanga anati zikugwirizana ndi masamu ake: 1 Mbps kwa ola lathunthu ndi 450 MB, ndiye 2 Mbps ndi 900 MB pa ola. Kwa ola limodzi ndi theka ndinafunika pafupifupi 1.4 GB, ndipo ndinagula 3 GB ya bandulo wamba yogwira chilichonse, kuti ndisadzadalire mwayi. Nditaonera kanemayo, maluwa a diresi ankaoneka, mawu osaduka.

Kuchedwa kuja, komwe kunandidyera kasitomala, tinakuyezanso. Ndinapanga gulu la Facebook la Private, la ine ndi mwana wa achemwali anga yemwe ali Fomu 3, n'kuchita laivi m'menemo. Iye anakhala kuseri kwa nyumba ndi foni yake. Ndinaomba m'manja kamodzi mwamphamvu, iye n'kuyamba kuwerenga kuchokera pomwe wamva ndi makutu mpaka pomwe waona pafoni. Anafika pa 12. Mukaonjezapo nthawi yoti munthu aganize, alembe, ndemanga ibwerere kwa ine, theka la mphindi likhoza kutha. Ine tsiku lija ndinkasintha diresi ndisanawerenge n'komwe mpaka 10.

Nkhani ya kuimbiridwa foni ndi yomwe ndikanakonda ndikanaidziwa kale. Ndinkaganiza kuti Do not disturb ndi yokwanira, koma imangotseka kulira. Pa mafoni ambiri munthu akaimba, foni imachoka pa 4G kuti ilandire kuimbako, ndipo deta imaima kapena kufooka. Ngati muli ndi ma simu awiri, kuimbira pa ina kumaimitsanso deta ya inzake. Tinachita chonchi. Mphwanga anandibwereka foni yake yakale, tinaikamo simu yomwe nambala yake saidziwa aliyense, tinaikamo bandulo n'kutsegula Hotspot. Foni yanga ndinaiika pa Airplane mode, kenako n'kuyatsa Wi-Fi yokha kuti ikoke kwa inzakeyo, ndi Do not disturb chifukwa cha oimba pa WhatsApp. Koma zikatero mauthenga a ndalama safika. Ndiye simu yanga ya ndalama ndinaisamutsira m'kafoni kamabatani, n'kuwapatsa bambo a kunyumba kuti akhale nako pambali.

Za kutentha zinali zosavuta titadziwa gwero lake. Kamera, netiweki, sikirini yowala ndi chaja, zonse zimatulutsa kutentha nthawi imodzi, ndipo ine ndinaonjezapo kava yarabala ndi nyumba ya malata ya mu Okutobala. Ulendo uno ndinadzaza batire m'mawa, ndinavula kava, ndinatsitsa kuwala kwa sikirini, ndipo mafoni onse awiri anakhala pamthunzi podutsa mphepo. Pawa banki inali pafupi, koma tinagwirizana kuti tilumikize pokhapokha batire likatsika kwambiri.

Ndinasiyanso kamera yakutsogolo. Yakumbuyo imajambula bwino ndipo siitembenuza manambala, koma sikirini imayang'ana kwina, ine sindingaone ndemanga. Apa m'pamene mwana wa achemwali uja anakhala wofunika kuposa chida chilichonse. Foni tinaimangirira pa kasitandi komwe ndinabwereka kwa mnzanga wa saluni, iye n'kuima kuseri kwake kuti aziwerenga ndemanga mokweza. M'dzanja anali ndi foni yake, yotsitsidwa mawu mpaka zii kuti isabweze mawu anga, yomwe ankaonerapo laivi ngati munthu wina aliyense. Ndinaima moyang'ana komwe kukuchokera kuwala, khoma lili kumbuyo kwanga. Ukafulatira kuwala umaoneka mdima wokhawokha. Chovala chilichonse ndinachipanira kakatoni ka nambala yolembedwa ndi maka yakuda, ndipo m'kope ndinalemba nambala, mtengo, ndi miyeso ya pachifuwa, m'chiuno ndi kutalika. Ndinakonza zovala 40 zokha, zabwino kwambiri ndinazimwaza, zina poyamba, zina pakati, zina kumapeto.

Loweruka nditadina batani ndinayamba kulankhula nthawi yomweyo, ngakhale woonera anali mmodzi. Ndinanena kuti ndine ndani, ndili kuti, lero kuli chiyani. Kenako ndinapempha chinthu chosavuta: "Ngati mawu akumveka bwino, lembani 1, mutiuzenso komwe mukuonera." Funso limeneli limagwira ntchito ziwiri. Limakuuza ngati zinthu zili bwino, komanso munthu akalemba kamodzi savutikanso kulemba kachiwiri. Mayina anayamba kubwera, Khombedza, Lifuwu, Nkhotakota, Area 25, wina mpaka ku Joni. Mwanayo ankawerenga, ine n'kumalonjera aliyense ndi dzina lake: takulandirani amayi, mwaswera bwanji achimwene. Ndinaona kuti amene watchulidwa dzina sachoka msanga.

Malamulo tinawalemba m'ndemanga imodzi n'kuimata pamwamba kuti aliyense wolowa aziiona: lembani "Ndatenga" ndi nambala ya chovala, woyamba kuoneka pafoni yathu ndiye watenga, musalembe nambala yanu ya foni pano, ndalama zimapita pa nambala imodzi yokha iyi. Loti "pafoni yathu" lili ndi chifukwa chake. Aliyense pafoni pake amaona ngati ndemanga yake ndiyo inafika poyamba, ndiye pamafunika foni imodzi yoweruza. Ndinkawabwereza pakamwa pakapita mphindi khumi zilizonse, popeza anthu amalowa n'kutuluka ngati pamsika, ndipo amene wabwera kumene sanamve zomwe unanena poyamba.

Chovala chilichonse ndinkachigwira pafupifupi mphindi yathunthu. Ndinkanena nambala, kuonetsa kutsogolo, kumbuyo, kukoka nsalu kuti aone kutamuka kwake, kunena miyeso, kuonetsa chilema ngati chilipo, mtengo, n'kubwerezanso nambala. Poyamba kudikirako kunkandisowetsa mtendere, koma nthawi imeneyo ndi yomwe mafunso ankafika. Pa nambala 17 zinachitikanso zija: ndinali nditanyamula kale 18 pamene mwanayo anati, "Anti, 17 yatengedwa." Panalibe chosokoneza. Anangolemba dzina m'kope, ine n'kulengeza kuti 17 yapita kwa mayi akuti, tikupitiriza.

Sizinayende zonse bwino. Chapakati mwanayo anakweza dzanja, chizindikiro chomwe tinagwirizana, kuti chithunzi chayamba kusweka pafoni pake. Ndinaleka kusuntha, ndinauza anthu kuti netiweki yagwedera pang'ono, tidikire limodzi, ndipo ndinayankha mafunso a thiransipoti mpaka anatsitsa dzanja. Sindinaonetse chovala chatsopano pa nthawi imeneyo. Panabweranso bambo wina wolemba zachipongwe za thupi langa. Mwanayo sanandiwerengere, anangofufuta n'kumutsekera, ndipo ndinazimva titamaliza. Ndikanakhala ndikuwerenga ndekha, ndikudziwa kuti mawu akananditsamwa pakhosi.

Chomwe chinandiopsa chinabwera madzulo. Mayi wina, ngakhale tinaletsa, anali atalemba nambala yake m'ndemanga. Pasanathe ola munthu wina anamulembera pa WhatsApp, akudzitcha ine, n'kumupatsa nambala ina yotumizira ndalama. Mwamwayi anaona kuti siikufanana ndi yomwe tinamata pamwamba, n'kundiimbira. Kunabweranso uthenga wooneka ngati wa ndalama zolowa, K16,000, koma bambo a kunyumba ataona balansi m'kafoni kaja munalibe chomwe chaonjezeka. Kuyambira pamenepo katundu satuluka pakhomo tisanaone balansi, uthenga wokha kapena chithunzi cha risiti sitichikhulupirira.

Pa zovala 40, zomwe anthu anati atenga zinali 23, koma zolipiridwa pofika Lolemba zinali 15. "Ndatenga" si ndalama. Tsopano ndimanena poyera kuti chovala ndimasunga mpaka mawa lake 12 koloko masana, ikadutsa chimapita kwa wachiwiri, n'chifukwa chake mwanayo amalemba mayina awiri pa nambala iliyonse. Ndikachotsa bandulo, kangachepe ka mwanayo ndi kabaza wokasiya katundu kudepoti, phindu la tsikulo linaposa pang'ono la Loweruka wamba pamsika. Kusiyana kwake n'kwakuti ena atatu anadzagula mkati mwa sabata ataonera kanema wotsalayo. Kanemayo musamudalire kuti akhalapo mpaka kalekale: kuyambira mu 2025 Facebook imafufuta makanema a laivi pakatha masiku 30, ndiye ngati pali mkangano wa amene anayamba kutenga, kapena mukufuna kumusunga, mukopereni pafoni nthawi isanathe.

Panopa mvula yayandikira ndipo khonde lija silidzathandizanso. Ndayesa kale kamodzi kukuwaza, phokoso la pamalata linakwirira mawu anga onse, ngakhale chithunzi chinali bwino. Mphwanga akuti ndigule kamaikolofoni kopanira pabulauzi, ndipo foni ya Hotspot tidzaipachike pawindo lakutsogolo ine ndili mkati. Tagwirizana kuti tikayese pa Only me tsiku lomwe idzagwe yeniyeni, 4 koloko, ndisanalengeze tsiku lina.